Pamene Malinga Anagwada Pamaso pa Mzinga

Mtsinje wa Seine ukachoka ku Paris kulowera kunyanja, usanafike mumzinda wa Rouen, umakhota kwambiri pa tauni ya Les Andelys. Pamenepo pali phompho la miyala yoyera lotalika mamita pafupifupi 90 kuchokera pamadzi, ndipo pamwamba pake pali mabwinja a linga lotchedwa Château Gaillard. Analimanga ndi Richard Woyamba, mfumu ya ku Mangalande yomwe inkalamuliranso dera la Normandy m'dziko la Falansa. Ntchitoyo inayamba mu 1196 n'kutha mu 1198, zaka ziwiri zokha, ndipo inadya ndalama zambiri kuposa zimene mfumuyo inawononga pa malinga onse a ku Mangalande mu ulamuliro wake wonse. Cholinga chinali chimodzi: kutsekereza mfumu Philip ya ku Falansa kuti isatsike ndi mtsinjewo n'kukalanda Rouen, likulu la Normandy.

Munthu angafunse kuti, kodi linga lokhala pamwamba pa phiri lingatseke bwanji njira? Bwanji osangolilambalala? Ankhondo a nthawi imeneyo sakanayerekeza. M'lingamo munkakhala asilikali okwera pamahatchi, ndipo gulu lankhondo likangodutsa, iwo ankatuluka n'kukathira moto ngolo za chakudya zobwera m'mbuyo, kupha amithenga, n'kubwerera kukatseka chipata dzuwa lisanalowe. Kumidzi yozungulira, anthu akamva kuti adani akubwera ankatutira tirigu ndi ziweto m'lingamo, motero wobwera kudzalanda dziko ankapeza nkhokwe zili mbee. Dziko silinali lako pokhapokha utalanda malinga ake, limodzi ndi limodzi. N'chifukwa chake nkhondo za ku Ulaya m'zaka zimenezo zinali za kuzinga malinga kwambiri kuposa kukumana pabwalo. Richard yemweyo, amene ankatchuka ndi nkhondo moyo wake wonse, sanafere pabwalo lankhondo. Anafa mu 1199 ndi bala la muvi umene unachokera pamwamba pa khoma la kalinga kakang'ono ka Châlus, komwe ankazinga.

Chimene linga linkagula kwenikweni ndi nthawi. Amuna ochepa okhala kuseri kwa khoma ankatha kusunga gulu lalikulu panja kwa miyezi. Ku Harlech, m'dziko la Wales, amuna 37 okha anateteza linga pa kuukira kwa mu 1294 ndi 1295. Ndipo nthawi inali mdani wa wozinga. M'madera ambiri mwambo unkati msilikali wa dzina atumikire mbuye wake kunkhondo masiku 40 pachaka. Akakwana, mfumu inkayenera kumulipira kapena kumuona akumanga katundu. Anthu zikwi zingapo akakhala pamalo amodzi kwa milungu, akumwa madzi a mumtsinje womwewo umene akuchitiramo chimbudzi, kamwazi sankachedwa kulowa mumsasa. Mvula ndi chisanu zikafika, udzu wa mahatchi unkasowa. Wa m'kati akangopirira, kawirikawiri wakunja ankatopa yekha, kapena mbuye wa lingalo ankafika ndi gulu lodzawombola.

Tsono chifukwa chiyani makoma ankawakweza m'mwamba chotero? Chifukwa mdani woopsa kwambiri anali munthu wokwera. Khoma la mamita 10 limafuna makwerero otalika kuposa pamenepo, olemera kunyamula, ogwedera, ndipo wokwerayo amafika pamwamba ali yekha, dzanja limodzi litagwira makwerero. Utali unkathandizanso zida za wa m'kati. Mwala woponya pansi kuchokera pamwamba umadzilemerera wokha, muvi wolasa chotsitsa umafika patali, pamene wa pansi amalasa chokweza kwa munthu wobisala kuseri kwa mipata ya khoma. Kukhuthala kwa khoma kunali kofunika, koma mamita awiri kapena atatu ankakwanira, poti panalibe chida chimene chikanaliboola msanga.

Richard atafa, ufumu unapita kwa mng'ono wake John, ndipo Philip anaona kuti mpata wapezeka. Anafika pa Château Gaillard cha mu Seputembala 1203. Mkulu wa asilikali a m'lingamo anali Roger de Lacy. Lingalo linali ndi mabwalo atatu otsatizana, lililonse ndi khoma lake ndi ngalande yake yogoba m'thanthwe, ndipo njira yofikirako inali imodzi yokha, ya kumtunda, chifukwa mbali zinazo ndi phompho. Wofuna kulanda ankayenera kuthyola bwalo loyamba, kenako lachiwiri, kenako lachitatu, akulasidwa kuchokera pamwamba ponseponse. John anayesa kamodzi kutumiza thandizo: gulu lina pamtunda, lina m'mabwato, kuti akanthe Afalansa usiku nthawi imodzi. Mabwato anachedwa polimbana ndi madzi a mumtsinje, a pamtunda anamenya okha n'kuthamangitsidwa, ndipo mabwato atafika kutacha anapeza adani ali chire. Pofika Disembala John anali atawoloka nyanja kubwerera ku Mangalande.

Philip sanapupulume. Anakumba ngalande ziwiri kuzungulira linga, ina yoyang'ana m'kati kuti asatuluke, ina yoyang'ana kunja kuti wodzawombola asalowe, namanga nsanja zamatabwa, n'kukhala pansi kudikira njala. Apa m'pamene pali mbali yonyansa ya nkhondo ya mtundu umenewu. Anthu wamba a m'tauni anali atathawira m'lingamo, ndipo de Lacy atawerengera chakudya anaona kuti sichifika. Anayamba kuwatulutsa. Magulu oyamba Afalansa anawalola kudutsa, koma Philip atamva analetsa, podziwa kuti pakamwa paliponse potuluka ndi masiku owonjezera kwa asilikali a m'kati. Gulu lotsatira, anthu mazana angapo, akazi, ana ndi nkhalamba, linapeza kutsogolo kuli mivi ya Afalansa, kumbuyo chipata chatsekedwa. Anakhala m'munsi mwa makoma nyengo yachisanu, akudya udzu ndi agalu, ambiri n'kufera pomwepo. Pamene Philip analola kuti otsala apatsidwe chakudya, ena anafa chifukwa chodya kwambiri mimba zitafota kale. Mkulu wa linga amene anachita zimenezi sankaonedwa ngati chilombo m'masiku amenewo. Ankati wagwira ntchito yake.

Mu Febuluwale 1204 Philip anayamba kumenya. Anasalaza njira, nakankhira pafupi nsanja yamatabwa yoyenda pamateyala, yotalika mokwanira kuti olasa mivi aone pamwamba pa khoma n'kuthamangitsapo alonda. M'munsi mwake anthu ankatuta dothi ndi zinyalala kukwirira ngalande, atabisala pansi pa denga lamatabwa. Makwerero atapezeka kuti ndi aafupi, amuna ena anagoba popondera m'thanthwe lofewalo mpaka anafika patsinde pa nsanja ya pangodya. Kumeneko anayamba ntchito imene inkagwetsa malinga ambiri kuposa chida china chilichonse: kukumba pansi pa khoma.

Okumbawo ankachotsa miyala ya m'munsi umodzi umodzi, ndipo paliponse pamene achotsa mwala ankaikapo mzati wamtengo, kufikira gawo lalikulu la khoma litatsamira pamitengo yokhayokha. Akatero ankadzaza mphakoyo ndi nkhuni ndi mafuta, n'kuyatsa, n'kuthawa. Mizati ikapsa, khoma linkatsala lilibe pokhalira ndipo linkagwa ndi kulemera kwake komwe. Nsanja ya bwalo loyamba la Château Gaillard inagwa chomwecho. John yemweyo anadzagwiritsa ntchito njirayi mu 1215 pozinga linga la Rochester kwawo ku Mangalande, kumene analamula kuti amutumizire nkhumba 40 zonenepa kwambiri kuti mafuta ake akoleze moto wa pansi pa khoma. Ngodya imodzi ya nsanja yaikulu inagwa. Pomanganso anaimanga yozungulira m'malo mwa ya makona, ndipo mpaka lero nsanja ya Rochester ili ndi ngodya zitatu zamakona ndi imodzi yozungulira. Ngodya yamakona ndi yosavuta kuigumula, poti mwala wa pakona ukachoka makoma awiri amafooka nthawi imodzi.

Bwalo lachiwiri silinagwe ndi makina ayi. John anali atawonjezera nyumba yokhala ndi kachisi, yotsamira khoma la kuphompho, kumene palibe amene ankayembekezera mdani. Asilikali ochepa a Philip anakwawa m'munsi mwake napeza polowera. Olemba mbiri a nthawiyo ena amati anadzera pa ngalande ya chimbudzi, ena amati pawindo la nyumbayo. Atalowa anachita phokoso lalikulu, a m'kati anayesa kuti gulu lonse lalowa, anayatsa moto n'kuthawira m'bwalo lachitatu, ndipo olowawo anatsitsira anzawo mlatho. Bwalo lachitatu linali ndi khoma lokongola la mafundefunde, lopangidwa dala kuti pasakhale malo obisalira wokumba, koma omanga anasiya kamlatho ka thanthwe kowolokera ngalande. Okumba a Philip anabisala pansi pa kamlathoko. A m'kati anakumba una wawo kuti akakumane nawo, n'kuwathamangitsa ndithu, koma maenje awiriwo anasiya khoma lili lendelende. Philip anabweretsa makina ake aakulu oponya miyala, ndipo khoma long'ambika kalelo linagumuka. Pa 6 Marichi 1204 de Lacy ndi amuna ake otsala anagwidwa. Rouen inagonja mu Juni chaka chomwecho, Normandy yonse n'kupita.

Tawerengani: miyezi pafupifupi 6, mfumu yamphamvu ikulimbana ndi asilikali mazana ochepa chabe. Lingalo linagwira ntchito yake yogula nthawi. Amene sanaigwiritse ntchito nthawiyo ndi John.

Makina oponya miyala aja akufunika kuwaona pafupi, chifukwa zithunzi zamakanema zimawakuza mopitirira. Wamkulu mwa onse anali tirebusheti. Ndi mtanda wautali wamtengo wopachikidwa pa chimango, wolendewera ngati sikelo, koma popachikira pake pali pafupi kwambiri ndi mbali imodzi. Kumbali yaifupiyo ankamangirirako bokosi lodzaza miyala, dothi kapena mtovu, lolemera matani angapo. Kumbali yaitali kunali chingwe chokhala ndi kathumba koikamo mwala, monga gulaye. Amuna ankakokera mbali yaitaliyo pansi ndi chopukusira, bokosi n'kukwera m'mwamba. Akamasula chokolera, bokosi linkagwa, mtanda n'kuzungulira mwamphamvu, chingwe n'kukwapula, mwala n'kuuluka. Makina oyambirira a mtundu umenewu anachokera ku Tchaina ndipo ankakokedwa ndi anthu ambiri pazingwe. A bokosi lolemera anayamba kuoneka m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100.

Tirebusheti yaikulu inkaponya mwala wa makilogalamu 100 kapena kuposerapo pa mtunda wa mamita 200 kapena 300. Ubwino wake unali wakuti bokosi likakhala lomwelo ndipo miyala ikasemedwa yolemera mofanana, mwala uliwonse unkagwa pafupifupi pamene unagwa unzake. N'chifukwa chake mafumu ankayenda ndi osema miyala pamodzi ndi akalipentala. Mu 1304, pozinga Stirling ku Scotland, Edward Woyamba anakanganula mtovu pamadenga a matchalitchi kuti alemeretse mabokosi, namangitsa chimakina chotchedwa Warwolf chimene chinatenga miyezi kuti chithe. Asilikali a m'linga, omwe anali atatsala pafupifupi 30, ataona chikumalizidwa anapempha kugonja. Edward anakana, nati abwerere m'kati kufikira atachiyesa. Munthu wawononga ndalama zake, afune asafune aone mmene chikugwirira ntchito.

Komabe tirebusheti inali ndi malire amene sakanadumphika. Mwala wake unkakwera m'mwamba n'kutsika chopendekera, motero unkaphwanya mipata ya pamwamba pa khoma, madenga ndi zotchinga zamatabwa, koma patsinde pa khoma lochindikala unkangogunda mopsepsa. Liwiro lake linalinso lochepa: kuti mwala ufike mamita 200, umachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 45 pa sekondi imodzi, ndipo mtengo ndi chingwe sizingapitirire pamenepo kwambiri. Wofuna mphamvu zambiri ankangokulitsa mwala ndi makina. Womanga linga naye ankangowonjezera utali ndi kuchindikala pang'ono, n'kusendeza makoma akunja kutali. Pa mpikisano umenewu womanga ndiye ankatsogola, ndipo malinga ambiri ankagwa ndi njala, chiwembu cha wa m'kati kapena kukumba.

Wonga, womwenso unachokera ku Tchaina, sunasinthe zinthu tsiku limodzi. Mizinga inayamba kuoneka ku Ulaya cha m'ma 1326, koma kwa zaka pafupifupi 100 inali yaphokoso kuposa ntchito. Inkaphulika n'kupha eni ake, wonga unali wodula, ndipo zipolopolo zake zamwala zinkasweka zikagunda khoma. Mpaka mu 1418 ndi 1419, Henry Wachisanu wa ku Mangalande, amene anali nayo mizinga, anatenga Rouen ndi njala atazinga pafupifupi miyezi 6, ndipo anthu osauka otulutsidwa mumzinda anaferanso m'ngalande monga zinachitikira pa Château Gaillard zaka 200 m'mbuyomo. Linga la Richard lomwelo linapirira Angelezi miyezi yambiri, ndipo mbiri imati linagonja mu 1419 zingwe zotungira madzi pachitsime zitatha.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono, kuchokera mbali zingapo. Opanga wonga anaphunzira kuunyowetsa n'kuuumitsa m'timibulu, m'malo mousiya ngati ufa. Wa timibulu sulekana zosakaniza zake poyenda pangolo, sukoka chinyezi msanga, ndipo moto umadutsa m'mipata ya timibuluto n'kuyatsa wonse mwamsanga. Mtengo wake unatsikanso anthu ataphunzira kupanga okha mchere wake wofunikira uja. Mipope ya mizinga inatalika, motero mpweya wa wonga unkakankha chipolopolo nthawi yaitali. Kenako kunabwera mizinga ya mkuwa yoyengedwa yathunthu, monga amapangira mabelu a tchalitchi, yoponya zipolopolo zachitsulo. Chitsulo chimalemera pafupifupi katatu kuposa mwala wa kukula komweko, ndipo sichisweka.

Nkhani yonse yagona pa liwiro. Mphamvu ya chinthu chouluka imakwera molingana ndi kulemera kwake, koma pa liwiro imakwera mochulukitsa liwirolo ndi lokha: liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi, likawirikiza ka 10 mphamvu imawirikiza ka 100. Tiyerekeze mwala wa tirebusheti wa makilogalamu 100 pa liwiro la mamita 45 pa sekondi, ndi chipolopolo chachitsulo cha makilogalamu 15 chochoka mumzinga pa mamita 400 pa sekondi. Chipolopolocho n'chopepuka pafupifupi ka 7, koma liwiro lake ndi loposa pafupifupi ka 9, ndipo 9 kuchulukitsa ndi 9 ndi 81. Tikagawa 81 ndi 7 tipeza kuti kampira kachitsulo kaja kanyamula mphamvu yoposa ya chimwala chija ka 11 kapena ka 12. Mphamvu yonseyo ikugwera pa kamalo kosaposa mbale ya ndiwo, ndipo ikubwera mowongoka, osati chotsika.

Kuwongokako ndiko kunapha khoma lalitali. Woomba mzinga tsopano akanatha kusankha mzere wa miyala wa m'munsi n'kumaumenya kuchokera patali, kuchita ntchito ya okumba aja popanda kukwawa m'ngalande. Akatswiri anadzafika pomadula khoma ngati mtengo: kugoba mzere wopingasa patsinde, kenako mizere yoimirira kumapeto kwake, n'kumaliza ndi kuomba mizinga yonse pamodzi. Khoma likatalika, katundu wokhala pamwamba pa balalo amachuluka ndipo limagwa msanga. Likagwa, zibuma zake zimakwirira ngalande n'kupanga chitunda chokwerapo adani. Utali umene unkaletsa makwerero unasanduka mlatho wa wolowa.

Nanga bwanji a m'kati osaika mizinga yawo pamwamba n'kubwezera? Anayesa. Koma kanjira ka pamwamba pa khoma lakale kanapangidwira munthu wa uta, ndipo mzinga waukulu umafuna malo obwerera m'mbuyo ukaomba. Kugwedeza kwake kunkang'amba khoma lomwe ukuliteteza. Izi zinaoneka ku Constantinople mu 1453. Makoma a mzindawo a mbali ya kumtunda, omangidwa m'zaka za m'ma 400, anali atabweza adani kwa zaka 1,000. Sultan Mehmed Wachiwiri anabwera ndi mizinga yambiri, waukulu mwa yonse wopangidwa ndi mmisiri wotchedwa Orban, wotalika mamita pafupifupi 8, woponya miyala yolemera pafupifupi theka la tani, ngakhale unkaomba kangapo kokha patsiku. Oteteza mzinda atayesa kuomba mizinga yawo ali pamwamba pa makoma, anaona kuti akuwononga makoma awo omwe. Chimene chinawathandiza ndi dothi: usiku uliwonse ankatseka mipata ndi milu ya dothi, mitengo ndi migolo yodzaza nthaka, ndipo zipolopolo zinkangomira m'menemo. Mzindawo unagwa pa 29 Meyi, patatha masiku 53, oteteza atachepa ndi kutopa.

Koma kuti tione kusintha bwinobwino tibwerere ku Normandy komwe tinayambira. Mu 1449 mfumu Charles wa 7 wa ku Falansa anayamba kulanda deralo m'manja mwa Angelezi. Mizinga yake inkayang'aniridwa ndi abale awiri, Jean ndi Gaspard Bureau, amene anaika dongosolo pa chilichonse: wonga, ngolo, akatswiri olipidwa, ndi ngalande zofikitsira mizinga pafupi ndi khoma oomba ake asanalasidwe. Dziko limene Henry anavutika nalo zaka, Charles analitenga m'chaka chimodzi, malinga ndi matauni okwana pafupifupi 60. Harfleur inagonja m'masiku 17 mu Disembala 1449. Ku Cherbourg, kumene Angelezi anazinga miyezi ingapo mu 1418, abale a Bureau anaika mizinga pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja, mbali imene khoma linali lofooka poti palibe amene ankaganiza kuti mdani angaimepo. Madzi akamakwera ankaiphimba ndi zikopa zopaka mafuta n'kuchokapo, akaphwa n'kubwerera kudzapitiriza kuomba. Tauniyo inagonja pa 12 Ogasiti 1450.

Kunena zoona, si malo onsewo amene anagumulidwa. Angelezi anali atatha mphamvu, asilikali awo osalipidwa, ndipo ku Rouen eni mzinda ndiwo anawaukira n'kutsekula zipata. Koma apa m'pamene pali mfundo. Mwambo wa nkhondo unkati linga likagonja mwa pangano anthu ake apulumuke, koma likalandidwa mwa mphamvu wolanda achite nalo chimene afuna. Kale mkulu wa linga ankawerengera miyezi ya chakudya chimene ali nacho. Tsopano ankawerengera masiku amene khoma lingaime, ndipo akaona kuti thandizo silingafike m'masiku amenewo, ankayamba kukambirana mizinga isanalire n'komwe.

Izi zinasinthanso za ulamuliro. Mwini dera aliyense wolemera akanatha kumanga linga n'kumaderera mfumu ali m'kati. Koma mizinga yambiri, mahatchi mazanamazana oikoka, wonga ndi amisiri, zimenezi ankazikwanitsa ndi mfumu yokhala ndi misonkho ya dziko lonse. Linga la mwini dera linaleka kukhala pothawira.

Anthu a ku Italiya ndiwo analawa mkwapulo womaliza, ndipo ndiwo anapeza mankhwala ake. Mu 1494 Charles wa 8 wa ku Falansa anawoloka mapiri ndi mizinga ya mkuwa yokhala pangolo za mateyala awiri, yokokedwa ndi mahatchi m'malo mwa ng'ombe, yotha kuyenda limodzi ndi asilikali n'kuyamba kuomba tsiku lomwe yafika. Mu Febuluwale 1495 linga la Monte San Giovanni, lodziwika ndi kulimba, linagumulidwa n'kulandidwa m'maola ochepa, ndipo a m'kati anaphedwa. Matauni ena atamva anangotsekula zipata. Koma mu 1500, Pisa itazingidwa, adani atagumula khoma anapeza kuseri kwake kuli ngalande yatsopano ndi chimulu chadothi chokhala ndi mizinga, ndipo analephera kulowa. Phunziro la ku Constantinople linabwereranso: mwala umasweka, dothi limameza.

Kuchokera pamenepo amisiri a ku Italiya anamanga linga la mtundu wina. Khoma analitsitsa n'kulikhuthalitsa kwambiri, dothi m'kati, njerwa kapena miyala kunja, lopendekera m'mbuyo. Kuti wokwera asapezerepo mwayi, utali umene anauchotsa m'mwamba anaubwezera pansi pokumba ngalande yakuya ndi yotakata, motero khoma linakhala lobisika m'dzenje. Kutsidya kwa ngalandeyo anaunjika dothi lotsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumunda, kuti woomba ali patali asaone tsinde la khoma. Nsanja zozungulira anazichotsa, chifukwa kutsogolo kwa nsanja yozungulira kumatsala kamalo kamene mfuti za m'mbali sizingafikeko, ndipo wokumba amabisala pomwepo. M'malo mwake anamanga ngodya zotulukira kunja, zosongoka ngati mutu wa mkondo, zotchedwa basitiyoni. Nkhope iliyonse ya basitiyoni inkayalidwa molunjika ndi mizinga ya basitiyoni yoyandikana nayo, kotero munthu aliyense woima patsinde pa khoma anali pamzere wa mzinga wina wake. Linga lotere ukaliona kuchokera m'mwamba limaoneka ngati nyenyezi.

Motero kuzinga kunabwereranso kukhala kwa miyezi, koma pamtengo umene mafumu ndi mizinda yolemera yokha ndiyo inkakwanitsa. Mamangidwe amenewa anafika mpaka kugombe la kuno kwathu kum'mawa kwa Afirika, atabwera ndi Apwitikizi. Linga la São Sebastião pa Chilumba cha Mozambique, limene anayamba kumanga mu 1558, lili ndi mabasitiyoni otere, ndipo Adatchi analizinga mu 1607 ndi mu 1608 osalilanda. La Fort Jesus ku Mombasa, loyambidwa mu 1593 motsatira pulani ya mmisiri wa ku Italiya, Giovanni Battista Cairati, linapirira Aluya a ku Oman miyezi 33 lisanagwe mu 1698, a m'kati atatha ndi matenda ndi njala.

Château Gaillard sinasinthidwe kukhala nyenyezi. Pamwamba pa phompho lopapatiza panalibe malo oyalapo mabasitiyoni, ndipo chitunda chomwe Philip anaimikapo makina ake chinali malo abwino kwambiri oikapo mizinga yoomba chotsitsa. Afalansa atalilandanso mu 1449, malire a dziko anali atasunthira kutali, ndipo lingalo linatsala lopanda choteteza. Pa nkhondo zachipembedzo za m'zaka za m'ma 1500 linasanduka mobisalamo magulu a zigawenga, mpaka anthu a m'deralo anadandaula kwa mfumu Henry Wachinayi, amene analamula kuti ligwetsedwe. Mu 1603 ansembe a chipani cha Akapuchini a ku Les Andelys analoledwa kutengako miyala yokonzera nyumba yawo, ndipo ngolo zinayamba kutsika phirilo zitasenza khoma la Richard.